Mmene Alamu Anga Anafunsirira Supavaiza

Alamu anga a Hector Namakhwa ndi mlangizi wa zaulimi, koma ku Kaduya mukafunsa za mlangizi anthu amayamba aganiza kaye. Mukanena kuti "ankhoswe aja", aliyense akulozerani nyumba yamalata ya pansi pa mitengo ya mango, pamene njira imakhotera ku Migowi. Ine ndimakhala pomwepo. Ndinabwera nditalemba mayeso a Fomu 4, kudzathandiza achemwali anga a Anastazia, mayi a Innocent, pa geni yawo ya nandolo. Sindiyankhula kwambiri, ndipo m'nyumba mwa alamu zimenezi sizivuta, chifukwa mpata woyankhula sukhalaponso.

Anabadwira m'munsi mwa phiri, m'banja limene agogo awo anachokera ku Mozambiki atasenza khasu ndi mphika. Akuti ali mu Sitandade 6 anatumidwa kukabwereka nkhwangwa kwa aneba, ndipo anabwerako dzuwa litapendeka, nkhwangwa alibe, koma atadya, atapatsidwa nzimbe, ndiponso aneba atawayamikira kuti ndi mwana waulemu. Kuyambira pamenepo mbiri inangokula. Anapita kusukulu ya zaulimi, anabwerako ndi dipuloma, kenako digiri, boma linawapatsa njinga yamoto. Koma ntchito yawo yeniyeni ndi ya Loweruka. Mnyamata akafuna mbeta, amalume ake amabwera kudzapempha alamu kuti akawayankhulire, chifukwa sanabwereko chimanjamanja.

Lamulo lawo ndi limodzi, ndipo amatiuza kawirikawiri. Mlendo waulemu satchula chimene wabwerera. Ulendo woyamba ndi wogogoda basi: upereke moni, ufunse za mvula, uyamikire mbuzi za eni khomo, ubwerere. Akakufunsa kuti kwagwanji, uyankhe kuti kulibe, umangodutsa. Akafunsanso kachiwiri m'pamene ungayambe kuiyandikira nkhani, pang'onopang'ono, ngati ukugwira nkhuku ya eni.

"Wotchula chinthu msanga amachitchipitsa," amatero alamu.

Alimi a m'dera lawo amawakonda, ngakhale amadandaula pang'ono. Chaka cha mbozi, alamu anaitanitsa msonkhano woti achenjeze anthu, ndipo akuti pamene ankamaliza kupereka ulemu kwa onse amene analipo, mbozi zinali zitamaliza mzere umodzi m'munda wa pafupi.

Ali ndi zaka makumi anayi ndi kanthu analembetsa digiri yachiwiri, ya masitazi, pa yunivesite ina mumzinda. Ankaphunzira Loweruka ndi Lamlungu. Lachisanu masana ankakwera minibasi pa Migowi, laputopu ataikulunga m'chitenje cha achemwali kuopa fumbi, ndipo maukwati a ku Kaduya anayamba kudikira tchuthi cha yunivesite. Maphunziro a m'kalasi anakhoza bwino. Chinatsala ndi kafukufuku ndi kulemba buku lake, ndipo pamenepo pamafunika mphunzitsi woti awayang'anire, amene iwo amati supavaiza.

Dipatimenti inauza ophunzira onse kuti aliyense adzipezere yekha mphunzitsi, amulembere imelo yopempha, ndipo akavomera dzina liperekedwe mwezi usanathe. Wopanda supavaiza adikira gulu la chaka chamawa. Kwa alamu kudikira kunali kugwa. Chilolezo cha kuntchito choti aziphunzira chinkathera chaka chomwecho. Komanso anali atalengeza kale kutchalitchi kuti abale akonzekere, ndipo telala wa pa Migowi anali atawayeza suti ya tsiku lolandira digiri.

Mutu anali nawo, wabwino ndithu. Ankafuna kudziwa kuti anankafumbwe amawononga nandolo wochuluka bwanji m'nyumba za alimi a kuno, ndiponso chifukwa chimene ambiri sagwiritsa ntchito matumba osalowa mpweya ngakhale amawadziwa. Mphunzitsi wa za kasungidwe ka mbewu m'dipatimenti yonse anali mmodzi, Dokotala Ethel Sambani. Anawaphunzitsapo kosi imodzi, m'kalasi ya anthu ambiri. Ankatenga ophunzira ochepa chaka chilichonse.

"Ndiye kuti ndi mbeta yofunidwa," anatero alamu, akupinda manja a malaya. "Zoterezi ndimazidziwa."

Analemba imelo ija pakhonde, ife tikusenda nandolo. Inali ya m'Chingerezi, koma alamu sachita kanthu popanda omvera, choncho ndime iliyonse ankatiwerengera n'kuimasulira. Inayamba ndi kupereka ulemu kwa mkulu wa yunivesite, wachiwiri wake, mkulu wa dipatimenti, aphunzitsi onse monga mwa maudindo awo, kenako kwa Dokotala Sambani mwini wake, "inu mayi wathu, mthunzi wa apaulendo, inu amene dzina lanu anankafumbwe akalimva amatuluka okha m'thumba." Inafunsa za thanzi la kunyumba. Inafotokoza kuti kuno mvula inadula msanga koma Mulungu ndi wabwino. Inanena mbiri ya banja la a Namakhwa kuchokera pa malire. Pa tsamba lachitatu inatha ndi mawu akuti, "Ine ndimangoti ndikupatseni moni."

"Nanga za usupavaiza zili pati?" anafunsa achemwali.

"Mayi a Innocent, uku n'kugogoda. Umagogoda uli ndi mtolo pamutu?"

Pa malo olembapo mutu wa imelo sanalembepo kanthu, chifukwa kutero kukanakhala kuulula nkhani asanakhale pansi. Anaitumiza kuchokera pa adiresi yawo yakale, imene inali ndi mawu akuti nkhoswe wamkulu, osati imene yunivesite inawapatsa. Anakwera pa chulu cha kuseri kwa nyumba, pamene netiweki ya intaneti imagwira, anakanikiza batani, n'kutsika akupukuta m'manja.

Sabata inatha. Kunali zii. Alamu anati ndi chizindikiro chabwino, banja labwino siliyankha msanga. Sabata yachiwiri ili mkati anayamba kukwera pa chulu paja m'mawa, masana ndi madzulo, mpaka mbuzi zinasiya kuwathawa.

Lamlungu lina kunabwera a Julius, mnzawo wa m'kalasi, mphunzitsi wa sekondale ku boma la Phalombe. Iwo anali atapeza kale supavaiza wawo. Alamu anawalandira ndi tiyi ndi chinangwa, anawayamikira nsapato, kenako anatulutsa thumba laling'ono la nandolo wosankhidwa bwino.

"Achimwene, mukamapita kusukulu mukasiye aka kwa Dokotala. Mukangoti akuchokera kwa amene anagogoda uja."

A Julius anatsamwa ndi chinangwa. "A Namakhwa, mukufuna atichotse sukulu tonse awiri? Kumeneko mphatso musanapemphe amaitcha dzina lina. Mwalemba chiyani kodi? Tandionetseni."

Anawerenga mwakachetechete, chala chikutsika pa laputopu, kutsika, kutsikabe. Atafika kumapeto anabwereranso pamwamba.

"Kodi wamwalira ndani?"

"Palibe wamwalira."

"Ndiye mwambo wonsewu ndi wa chiyani? Mayi amene uja amalandira maimelo ambirimbiri pa tsiku, amawerenga ali pakati pa makalasi. Yopanda mutu, yochokera kwa munthu wotchedwa nkhoswe wamkulu, aganiza kuti mukugulitsa mankhwala a banja."

Kenako anatulutsa foni n'kuwaonetsa imelo imene iwo analembera supavaiza wawo. Inakwana pa galasi la foni popanda kutsitsa. Alamu anaiyang'ana ngati mmene amayang'anira mbewu yofumbwa.

"Iyi ndi kalata kapena lisiti la m'golosale? Munthu wamkulu, wophunzira, mwangomulowera m'nyumba osaodira?"

"Anandiyankha tsiku lomwelo."

"Anakumverani chisoni."

A Julius anadya chinangwa chawo n'kumapita. Ali pa njinga anakuwa kuti alamu ayesenso, ndi adiresi ya sukulu, ndiponso alembe mutu. Alamu anamvera theka. Anatumizanso masamba atatu omwe aja kuchokera pa adiresi ya sukulu, ndipo pa mutu analembapo kuti "Moni wochokera ku Phalombe."

Yankho linabwera Lachitatu la sabata yomaliza ya mwezi. Ndinali kupeta nandolo pamene ndinamva alamu akutsika pa chulu mothamanga, patapata mmodzi atatsalira kumwamba.

"Ayankha! Mayi a Innocent, Madalo, bwerani! Atsegula chitseko!"

Anatiwerengera ataimirira. Dokotala analemba kuti: "Bambo Namakhwa, zikomo chifukwa cha moni. Ndawerenga imelo yanu kawiri koma sindinapeze chimene mukufuna. Ngati mukupempha kuti ndiyang'anire kafukufuku wanu, nenani choncho, ndipo mundiuze mutu, funso limene mukufuna kuyankha ndi mmene mudzafufuzire. Mutumizenso chikalata chachidule cha ganizo lanu. Ndatsala ndi malo amodzi, ndipo mayina ndikupereka ku dipatimenti Lachisanu."

"Mwamva?" anatero alamu, nkhope ikuwala. "Afunsa kuti kwagwanji! A Julius aja ankati chiyani? Mwambo ndi mwambo, kaya kumudzi kaya ku yunivesite."

Anakhala pansi nthawi yomweyo n'kuyamba kulemba yankho. Sanachedwe, chifukwa mawu ake anawalankhulapo m'makomo ambiri. Anatiwerengera monyadira: "Mayi wathu wolemekezeka, musadzivutitse. Palibe chimene chagwa. Ine ndimangodutsa."

Achemwali anaika lichero pansi. Sakonda kukweza mawu, koma akaika lichero pansi ngakhale nkhuku zimasuntha.

"Bambo a Innocent, mutumiza zimenezo?"

"Ndi funso loyamba ili. Pa funso loyamba munthu amakana. Akafunsanso..."

"Akafunsanso liti? Anena kuti Lachisanu. Mayi ameneyo ali ndi mbuzi zoti mukaziyamikire? Mukati mumangodutsa, akuuzani kuti yendani bwino."

"Inu zimenezi simungazimvetse. Maukwati angati ndamanga ine?"

"A eni ake. Wanu munamanga ndinu?" Achemwali anatembenukira kwa ine. "Madalo, unali wamng'ono iwe. Awa anabwera kwathu dzinja lonse. Ankayamikira denga, ankayamikira nkhokwe, galu anamuyamikira mpaka ananenepa. Amalume anayamba kuganiza kuti akufuna kugula malo. Nthawi imeneyo kunali mnyamata wogula nandolo wa ku Muloza, wa njinga yatsopano, amene anangofika n'kunena kuti ndikufuna Anastazia. Amalume anatsala pang'ono kuvomera. Ndinachita kuwatsekereza ine panjira ya kuchigayo awa, n'kuwafunsa kuti, kodi mukufuna ine kapena galu?"

"Nkhani zakale," anatero alamu chapansipansi.

"Munayankha mawu amodzi. Munati, 'Inu.' Ndi tsiku lokhalo limene munayankhula mwachidule, ndipo ndi tsiku lokhalo limene munapezapo kanthu kanukanu."

Ine ndinayang'ana m'lichero.  Alamu anafufuta mizere ija, anatenga foni n'kuimbira a Julius.

Ntchito inagwirika madzulo amenewo, foni ili pa sipika pakati pa mphasa. Inali ngati kuzula dzino. Pa mutu analemba kuti "Pempho la kuyang'anira kafukufuku wa masitazi: Hector Namakhwa." Alamu anati zili ngati kufika kwa apongozi utavula malaya.

"Moni wake lembani kuti 'Okondedwa Dokotala Sambani', basi," anatero a Julius.

"Mkulu wa yunivesite ndimusiye?"

"Musiyeni apume."

"Mthunzi wa apaulendo?"

"Dulani."

"Achimwene, mthunzi wokha."

"Dulani, a Namakhwa, mayunitsi akutha."

Anakangana kwambiri pa chiganizo cha thanzi. Alamu anati sangalembere munthu osamufunsa mmene wadzukira, ngakhale awamange. A Julius anawalola mzere umodzi. Pomaliza imelo inatuluka chonchi, monga anatimasulira, mawu awo ali ngati a munthu wowerenga uthenga wa maliro:

"Okondedwa Dokotala Sambani, ndikhulupirira muli bwino, ndipo zikomo chifukwa cha yankho lanu. Dzina langa ndine Hector Namakhwa, wophunzira wa chaka chachiwiri cha masitazi a zaulimi, ndipo ndinali m'kalasi yanu ya kasungidwe ka mbewu. Ndikupempha kuti mukhale woyang'anira kafukufuku wanga.

"Mutu wanga ndi kuwonongeka kwa nandolo wosungidwa m'nyumba za alimi ang'onoang'ono ku Phalombe. Ndikufuna kupeza kuchuluka kwa nandolo amene anankafumbwe amawononga, ndi zifukwa zimene alimi sagwiritsira ntchito matumba osalowa mpweya. Ndidzafunsa alimi mafunso, ndiponso ndidzayeza nandolo wosungidwa m'matumba a mitundu iwiri kwa miyezi ingapo. Ndine mlangizi m'dera lomweli, choncho alimiwo ndingathe kuwafikira.

"Ndapempha inu chifukwa ndinawerenga zimene munalemba pa kasungidwe ka nyemba, ndipo ndikufuna kuyesa njira yanu yoyezera pa nandolo. Ndaphatikiza chikalata cha masamba awiri cha ganizo langa ndi mbiri ya maphunziro anga. Ngati n'kotheka, ndingabwere kudzakumana nanu pa tsiku limene mungasankhe. Zikomo chifukwa cha nthawi yanu."

Pansi analemba dzina lonse, nambala yawo ya sukulu ndi ya foni. A Julius anawaumiriza kutsegula zikalata ziwiri zija kuti aone ngati zalowadi, ndiponso kuyang'ana kalembedwe ka dzina la Dokotala. Zimene Dokotala analemba pa nyemba alamu anawerengadi, chaka chatha, ndipo anali atazilemba mizere yofiira. Sanazitchule poyamba chifukwa ankaona ngati kudzitama.

Anakwera pa chulu pang'onopang'ono. Anaima pamwamba, laputopu ili m'manja, chala chili m'malere.

"Mayi a Innocent, akandiona ngati wopanda mwambo."

"Kanikizani. Mwambo mudzaupeza pansi pano."

Anakanikiza.

Lachinayi lonse sanapite kumunda kwa mlimi aliyense. Ankati mutu ukuwawa. Telala wa pa Migowi atadutsa pa njinga n'kufunsa ngati ayambe kudula nsalu, alamu anabisala kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndinachita kunena ine kuti atuluka. Yankho linafika Lachisanu m'mawa. Nthawi ino sanathamange. Anatsika pa chulu, anakhala pa mpando wawo, n'kuwerenga:

"Bambo Namakhwa, ndavomera. Dzina lanu ndapereka. Tikumane Lachiwiri m'mawa ku ofesi yanga. Funso lanu lachiwiri ndi lotambalala kwambiri, bwerani mutalichepetsa. E. Sambani."

Achemwali anaimba nthungululu mpaka aneba anasuzumira pa mpanda. Alamu anangokhala, akuyang'anabe pa galasi, akutsitsa ndi chala ngati pansi pali zina zimene zabisala.

"Basi?" anatero. "Osafunsa n'komwe za ana?"

"Akuvomerani, bambo."

"Ndamva. Koma taonani, ngakhale dzina lawo alidula."

Kenako anapinda manja a malaya nati ayenera kuthokoza moyenera, ndipo ndinaona m'maso mwawo kuti mkulu wa yunivesite ndi wachiwiri wake akubwerera. Achemwali anatola lichero n'kuliikanso pansi mwamphamvu. Alamu analemba mizere iwiri, yothokoza ndi yotsimikiza kuti Lachiwiri adzafika.

Pano ali mkati mwa kafukufuku. M'chipinda chimene ndinkaikamo zovala muli matumba a nandolo olembedwa manambala, ndipo palibe wololedwa kuphikako. Dokotala amawabwezera mitu ya buku lawo itadzaza ndemanga, ndipo ndemanga imene imabwera kawirikawiri ndi yakuti "chepetsani". Alamu amati mayiyo ndi wanzeru kwambiri, kungoti analeredwa mofulumira. Telala anadula nsalu.

Masamba atatu aja sanawataye. Anati mawu abwino satayidwa. Pa chinkhoswe cha Shakira, mwana wa aneba, mwezi wathawu, alamu anaimirira atavala jekete, anatulutsa mapepala, n'kuwerenga moni yense uja, atangosintha mayina. Pamene panali mkulu wa yunivesite anaikapo abusa, pamene panali Dokotala anaikapo amalume a mkwatibwi. Anthu anamvetsera ali duu, amayi ena anapukuta misozi. Mzere umodzi wokha anaiwala kuukonza. Anatembenukira kwa amalume aja, munthu wokonza njinga amene sanasungepo thumba la mbewu, n'kunena mokweza kuti, "Inu amene dzina lanu anankafumbwe akalimva amatuluka okha m'thumba!"

Amalumewo anagwedeza mutu modzichepetsa, ngati munthu amene wakhala akudikira zaka zambiri kuti wina azindikire. Anthu anawomba m'manja. Ine ndinabisa nkhope m'chitenje.